Mafunso atatu a kanema watsopano: dziko, chilankhulo ndi nthawi

Kanema wamakono akangotuluka m'katoni n'kulumikizidwa ku magetsi, sathamangira kuonetsa zithunzi. Amayamba wafunsa kaye mafunso: mukufuna chilankhulo chanji, muli m'dziko liti, nthawi ya kwanuko ndi yotani. Pa nthawiyi n'kuti ana atakhala kale pamphasa, mpira watsala pang'ono kuyamba, ndipo wogwira rimoti amangodina batani lapakati mobwerezabwereza kuti mafunsowo achoke msanga. Kanema amavomera mayankho amene anabwera nawo kuchokera ku fakitale kapena kwa mwini wake wakale, ndipo mayankhowo nthawi zambiri sakhala a ku Malawi.

Mavuto amadzaoneka pambuyo pake. Kusaka matchanelo sikupeza kanthu ngakhale eriyo ili bwinobwino padenga. Matchanelo akapezeka, amayambira pa nambala 800. Ndandanda ya mapulogalamu imanena kuti nkhani ziyamba 6 koloko pamene zimayamba 8 koloko. YouTube imangozungulira osatseguka. Ambiri amaganiza kuti agula kanema wakufa, ena amakwera padenga kukatembenuza eriyo, ena amalipira amisiri. Chonsecho gwero lake ndi mayankho atatu aja. Funso lililonse lili ndi ntchito yakeyake mkati mwa kanema, ndipo munthu akadziwa ntchitozo amatha kuzindikira msanga pamene palakwika.

Dziko limauza kanema mmene asakire matchanelo

Mayiko saulutsa zithunzi m'njira imodzi. Malawi, monga mayiko ambiri a kummwera kwa Africa, amagwiritsa ntchito njira yotchedwa DVB-T2, imene mayiko a m'bungwe la SADC anagwirizana kuitsatira m'chaka cha 2010. Kuno kwathu kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited ndiyo imanyamula matchanelo a m'dziko muno pa milongoti yake, ndipo ambiri amaidziwa ndi dikoda yake ya Kiliye Kiliye. GOtv nayo imaulutsa m'njira yomweyi. America amagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa ATSC, Japan ali ndi ISDB-T, China ali ndi DTMB. Ngakhale pafupi pompano pali kusiyana, chifukwa Botswana anasankha njira ya ku Japan.

Kusiyanaku kumafika mpaka pa kagawidwe ka mafunde. Kuno mafunde a kanema amagawidwa m'mipata ya 8 MHz uliwonse. Mpata woyamba, umene pa sikirini umalembedwa kuti 21, pakati pake ndi pa 474 MHz, wotsatira pa 482, winawo pa 490, kumangowonjezera 8 mpaka kufika mpata wa 48 pa 690 MHz. Ku America mipatayi ndi ya 6 MHz, ku Australia ndi ya 7. Mukasankha dziko, kanema amatenga kagawidwe ka dzikolo n'kuyamba kumvetsera mpata ndi mpata. Ngati mwamupatsa dziko la kagawidwe kena, amamvetsera pamalo pamene palibe chikuulutsidwa, mzere wosaka umafika kumapeto, ndipo amakuuzani kuti wapeza matchanelo 0. Eriyo ilibe mlandu pamenepa.

Ntchito yachiwiri ya dziko ndi manambala a matchanelo. Oulutsa amatumiza, pamodzi ndi zithunzi, nambala imene akufuna kuti tchanelo chilichonse chikhalepo. Pa menyu zimenezi zimalembedwa kuti LCN. Mayiko amalemba manambalawa m'njira zosiyana pang'ono, ndipo kanema amawerenga motsatira dziko limene mwamuuza. Ku Britain, mwachitsanzo, BBC One imakhala pa 1, BBC Two pa 2, ITV pa 3, ndipo tchanelo chimene kanema walephera kuchipezera malo ake amachiponya ku manambala oyambira pa 800. N'chifukwa chake kanema wochokera ku Britain amatha kupeza matchanelo a kuno koma n'kuwandandalika kuyambira pa 800, mosokonekera. Mukaona manambala oterowo, dziwani kuti mafunde akufika bwino, koma kanema akuwerenga ndi malamulo a dziko lina.

Zonsezi zikukhudza amene amalumikiza eriyo mwachindunji kumbuyo kwa kanema. Ngati mumaonera kudzera pa dikoda yolumikizidwa ndi waya wa HDMI, kaya ya dishi kaya ya eriyo, dikodayo ndiyo imasaka ndi kundandalika matchanelo, ndipo kanema amangoonetsa zimene wapatsidwa. Komanso matchanelo olipira ndi otsekedwa. Kanema angawapeze n'kuonetsa mayina awo, koma n'kulemba kuti "Scrambled", ndipo palibe dziko limene mungasankhe loti liwatsegule popanda dikoda yake.

Malawi akasowa pa mndandanda

Makanema ambiri amene amafika kuno anapangidwira misika ina: a ku Joni, a ku Dubai, a ku Dar es Salaam, ndi ena ogwiritsidwapo kale ntchito amene amabwera m'makontena kuchokera ku Britain. Si zachilendo kutsika mndandanda wonse wa mayiko osapeza Malawi. Zikatero, sankhani dziko loyandikana nalo limene limaulutsa m'njira ya DVB-T2 ndi mipata ya 8 MHz, ndiponso lili pa nthawi yofanana ndi yathu. Zambia, Mozambique ndi South Africa amakwaniritsa zonse ziwiri. Tanzania ndi Kenya amagwirizana nafe pa kaulutsidwe, koma wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi, choncho mukawasankha muyenera kukakonza chigawo cha nthawi panokha. Makanema ena ali ndi mawu akuti "Others" kumapeto kwa mndandanda. Amenewa amasaka bwino mafunde onse, ngakhale kuti manambala a matchanelo angabwere motsatira mmene kanema wawapezera.

Pali malire amene menyu singawadumphe. Kachipangizo kolandira mafunde kamaikidwa mkati mwa kanema ku fakitale, ndipo kanema wopangidwira America kapena Japan alibe kolandirira DVB-T2, ngakhale mutasintha chilichonse. Wa ku Britain wakale amene ali ndi chizindikiro cha Freeview chokha amalandira njira yakale ya DVB-T, pamene amene analembedwa Freeview HD amalandira DVB-T2. Makanema ena akale a ku South Africa anagulitsidwa opanda kolandirira mafunde amakono konse. Onsewa amagwirabe ntchito, koma amafuna dikoda.

Nthawi: kanema amasunga zinthu ziwiri

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa pofuna kukonza. Mkati mwa kanema muli wotchi imene imayendera nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi, yotchedwa UTC, imene pa masikirini ambiri imalembedwa GMT. Pambali pake pali chinthu china, chigawo cha nthawi, chimene chimauza kanema maola oti awonjezere kapena kuchotsa asanakuonetseni nthawi. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri, chaka chonse, osasintha. Ikakhala 10 koloko pa wotchi ya mkatiyo, kanema wokonzedwa bwino amawonjezera maola awiri n'kuonetsa 12 koloko.

Wotchi ya mkati imadzikonza yokha kuchokera kumalo awiri. Oulutsa amatumiza nthawi ya UTC pamodzi ndi mafunde, ndipo intaneti nayo ili ndi makompyuta amene ntchito yawo ndi kungouza zipangizo nthawi yolondola. Ndandanda ya mapulogalamu, imene imatuluka mukadina batani la "Guide", imatumizidwanso m'nthawi ya UTC. Pulogalamu yoyamba 8 koloko usiku ku Lilongwe imafika kwa kanema italembedwa 18:00, ndipo ndi kanemayo amene amawonjezera maola awiri. Chigawo chikalakwika, ndandanda yonse imasuntha ndi maola ofanana. Chizindikiro chake n'chosavuta: mphindi zimakhala zolondola, maola okha ndiwo amalakwika.

Posankha chigawo, funani mawu akuti "Central Africa Time" kapena "GMT+02:00". Ngati kanema akupereka mayina a mizinda, Blantyre, Harare, Lusaka, Maputo, Johannesburg ndi Pretoria yonse ili pa nthawi yathu. Chenjerani ndi mizinda ina imene nayonso inalembedwa +02:00, monga Cairo, Athens ndi Helsinki. Mizinda imeneyi imakankhira wotchi patsogolo ndi ola limodzi m'miyezi yawo yotentha. Egypt anayambiranso kutero m'chaka cha 2023. Mukasankha Cairo mu Januwale zonse zimaoneka bwino, koma pofika kumapeto kwa Epulo wotchi yanu idzadumpha ola limodzi popanda wina kuigwira. Pa chifukwa chomwechi, pamene pali mawu akuti "DST", "Daylight Saving" kapena "Summer Time", kuno ayenera kukhala pa "Off". Madikoda a dishi osalipira amakhalanso ndi malo amenewa, ndipo lamulo lake ndi lomweli.

Okonda mpira wa ku England amakudziwa kale kusuntha kumeneku. Masewera a Loweruka oyamba 3 koloko ku England timawaonera 5 koloko madzulo kuyambira kumapeto kwa Okutobala, koma 4 koloko kuyambira kumapeto kwa Malichi. Wotchi yathu siyenda, ya ku Britain ndiyo imasuntha Lamulungu lomaliza la Malichi n'kubwerera Lamulungu lomaliza la Okutobala. Kanema amene akuganiza kuti ali ku London amasuntha nawo.

Kanema wa ku Britain m'nyumba ya ku Ndirande

Tiyerekeze kuti banja lina ku Ndirande lalandira kanema kuchokera kwa m'bale wawo wa ku Britain, m'mwezi wa Febuluwale. Kanemayo ali ndi chizindikiro cha Freeview HD, ndipo sanafufutidwe zimene mwini wake wakale anaika. Dziko ndi United Kingdom, chigawo cha nthawi ndi London. Alumikiza eriyo, asaka, matchanelo apezeka kuyambira pa 800. Nthawi ili 12:30 masana, koma pakona pa sikirini palembedwa 10:30, chifukwa mu Febuluwale London amakhala pa UTC yeniyeni.

Bambo wa m'nyumbamo akuona kuti wotchi yatsalira. Alowa pa menyu, asintha wotchi kuichotsa pa "Auto" kuiika pa "Manual", alemba 12:30. Pa sikirini tsopano nthawi ikugwirizana ndi ya pafoni, ndipo aliyense wakhutira. Koma taonani zimene zachitika mkati. Kanema akudziwabe kuti ali ku London, kumene sawonjezera ola lililonse, choncho watenga 12:30 ija kukhala nthawi ya UTC. Nthawi yeniyeni ya UTC ndi 10:30. Wotchi ya mkati, imene inali yolondola, tsopano yathamanga ndi maola awiri.

Tsiku lomwelo pali masewera a mpira oyamba 2:30 masana pa bwalo la Kamuzu. Oulutsa atumiza ndandanda yonena kuti masewerawo ayamba 12:30 pa nthawi ya UTC, zimene n'zoona. Kanema ayang'ana wotchi yake yolakwika ija, aona kuti 12:30 yakwana kale, ndipo alengeza kuti mpira wayamba pamene osewera sanafike n'komwe pabwalo. Ngati bamboyo anatchera kuti kanema ajambule masewerawo pa fulashi iye ali ku ntchito, adzapeza maola awiri a pulogalamu ina, ndipo kujambulako kudzakhala kutatha mpira ukuyamba kumene. Pofika Lamulungu lomaliza la Malichi, London adzasuntha wotchi, ndipo pa makanema ambiri nthawi ya pa sikirini idzathamanganso ndi ola lina.

Kukonza kwake kunali kosavuta kuposa zimene anachita. Wotchi ibwerere pa "Auto". Chigawo cha nthawi chichoke pa London chipite pa GMT+02:00, ndipo kusuntha kwa nyengo yotentha kuzimitsidwe. Wotchi ya mkati ibwerera pa 10:30, kanema awonjezera maola awiri, sikirini ionetsa 12:30, ndipo ndandanda ionetsa mpira pa 14:30. Lamulo loyenera kulisunga ndi ili: ngati mphindi zili zolondola koma maola alakwika, musagwire wotchi, sinthani chigawo. Kulemba nthawi pamanja kumaloledwa pokhapokha kanema alibe eriyo kapena intaneti yoti atengeko nthawi, kapena salola kusankha chigawo chathu, ndipo ngati amalola, chigawocho chiyambe chakonzedwa.

Chifukwa chimene maapu amakanira tsiku lolakwika

Kulakwika kwa chigawo chokha, wotchi ili pa "Auto", kawirikawiri sikuletsa YouTube kapena Netflix kutseguka, chifukwa nthawi ya mkati imakhala ili yolondola. Chimene chimapha maapu ndi tsiku, mwezi kapena chaka cholakwika. Apu iliyonse ikamalumikizana ndi kampani yake, kompyuta ya kampaniyo imaonetsa satifiketi yotsimikizira kuti ndi yeniyeni, osati yachinyengo. Satifiketiyo imakhala ndi masiku awiri, loyambira kugwira ntchito ndi lothera. Zambiri zimakhala masiku 90 okha. Kanema amayerekezera masiku awiriwo ndi tsiku la pa wotchi yake. Zili ngati wapolisi wa pamsewu amene akuyang'ana laisensi yanu yabwinobwino koma iye akukhulupirira kuti tili m'chaka china: adzakuimitsani basi, ngakhale mulibe mlandu.

Kodi kanema angaiwale bwanji chaka? Foni imakhala ndi batire, ndipo wotchi yake imayendabe ikazima. Makanema ambiri ndi timabokosi ta Android totsika mtengo tilibe batire losunga nthawi. Magetsi akathima, wotchi imaima, ndipo akayakanso imayambira pa tsiku lakale limene inabwera nalo. Pa zipangizo zina tsikulo ndi 1 Januwale 1970, limene makompyuta ambiri amayambirapo kuwerenga nthawi. Kanema amadalira kuti akangoyaka afunse nthawi pa intaneti. Kuno kumene magetsi amathimathima, vutoli limabwera kawirikawiri, chifukwa magetsi akabwera kanema amayaka msanga kuposa rauta. Amafunsa nthawi intaneti isanafike, osayankhidwa, ndipo ena amatenga kanthawi asanafunsenso.

Pali chinanso chimene chimachitika kwa amene amapatsa kanema intaneti kuchokera pafoni. Ngati bandulo imene ili pafoniyo ndi ya WhatsApp kapena Facebook yokha, kanema amalumikizana ndi foni bwinobwino, chizindikiro cha netiweki n'kudzaza, koma funso lake la nthawi silidutsa. Pa makanema a Android pamatuluka mawu akuti "Connected, no internet". Mawu omwewa amathanso kutuluka intaneti ilipo ndithu koma tsiku lili lolakwika, chifukwa kanema amayesa intanetiyo polumikizana ndi kompyuta imene nayo imaonetsa satifiketi.

Choncho maapu onse akakana nthawi imodzi, pamene foni ikugwira bwino pa netiweki yomweyo, musathamangire kufufuta maapu kapena kugula bandulo ina. Yang'anani kaye tsiku ndi chaka pa kanema. Pa makanema a Android zimapezeka potsatira "Settings", kenako "Device Preferences" kapena "System", kenako "Date & time". Onetsetsani kuti "Automatic date & time" yayatsidwa. Ngati chaka chikadali cholakwika, dikirani intaneti ikhazikike, zimitsani kanema pa soketi, muyatsenso. Zikakanika, lembani tsiku ndi nthawi yolondola pamanja, chigawo chili pa GMT+02:00, maapu atseguke, ndipo mukatero mubwezere pa kudzikonza kokha.

Dziko ndi maapu: makomo atatu

Kuti apu igwire ntchito, dziko limayang'anidwa pamalo atatu osiyana, ndipo kusokoneza malo atatuwa kumataya nthawi ya anthu ambiri. Oyamba ndi dziko limene mwauza kanema. Limeneli ndilo limasankha maapu amene aoneke m'sitolo ya maapu ya kanemayo. Makanema a LG amasiyanitsa zinthuzi poyera: pansi pa "Location" pali "Broadcast Country", imene ndi ya matchanelo, ndi "LG Services Country", imene ndi ya maapu. Pa Samsung sitoloyo ili mu Smart Hub, ndipo siitseguka mpaka mutavomera malamulo a dziko limene mwasankha. Amene amadumpha tsamba la malamulo pa tsiku loyamba amadzapeza sitolo yopanda kanthu n'kumaganiza kuti kanema alibe maapu.

Malo achiwiri ndi akaunti yanu. Pa makanema a Google, sitolo ya Play imayendera dziko limene linalembedwa pa akaunti imene mwalowera. Ngati mwalowa ndi akaunti ya m'bale wa kunja, mudzaona maapu ndi mitengo ya dziko lake. Dziko la pa akaunti silisinthika tsiku lililonse, ndipo mukasintha mumadikira nthawi yaitali musanaloledwe kusinthanso, choncho ndi bwino kulowa ndi akaunti yanuyanu ya kuno kuyambira pachiyambi.

Malo achitatu ndi intaneti yeniyeniyo. Kampani iliyonse yoonetsa mafilimu imaona dziko limene intaneti yanu ikuchokera, ndipo menyu ya kanema singabise zimenezi. Netflix inafika ku Malawi mu Januwale 2016, pamene inatsegulidwa m'mayiko 130 nthawi imodzi, ndipo mafilimu amene mumaona amatsatira kumene muli, osati dziko limene munasankha pa rimoti. BBC iPlayer ndi ya anthu amene ali ku Britain okha. Kanema wa banja la ku Ndirande lija adzaionetsa pa tsamba loyamba, koma akaitsegula idzakana. Kunamiza kanema kuti muli ku Britain kapena ku America pofuna maapu ambiri kumangodzaza sikirini ndi maapu osatseguka, kwinaku maapu a ku Africa, monga ya DStv, atasowa m'sitolo, matchanelo ndi wotchi zitasokonekeranso. Yankho lopindulitsa ndi la kumene kanemayo wakhala, kapena dziko loyandikana nako.

Chilankhulo chili pamalo angapo

Chilankhulo chimene mumasankha pa tsamba loyamba ndi cha menyu. Chichewa sichipezeka pa makanema ambiri, choncho ambirife timasankha Chingerezi. Ngati pali mitundu ingapo ya Chingerezi, tengani cha ku Britain kapena cha ku South Africa. Cha ku America chimalemba mwezi poyamba, tsiku pambuyo, moti 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo koma kwa iwo ndi 4 Malichi. Munthu amene akulemba tsiku pamanja osadziwa zimenezi amatha kusemphanitsa mwezi wathunthu, ndipo tanena kale zimene tsiku lolakwika limachita ku maapu.

Mkati mwa menyu muli zilankhulo zina ziwiri: "Audio Language" ya mawu omveka, ndi "Subtitle Language" ya mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Tchanelo chimodzi chimatha kunyamula mawu a zilankhulo zingapo, monga mmene matchanelo ena a mpira amakhalira ndi olengeza a Chingerezi ndi a Chipwitikizi. Kanema kapena dikoda imasankha chimene chikugwirizana ndi zimene munaika, ndipo pa makanema ambiri zimenezi zimadzikonza potengera dziko. Amene wasankha Mozambique chifukwa Malawi palibe angadabwe kumva mpira ukulengezedwa m'Chipwitikizi. Asasinthe dziko chifukwa cha zimenezi. Angolowa pa "Audio Language" n'kuika English.

Kanema wogwiritsidwapo kale ntchito amatha kufika menyu yake ili m'Chiarabu kapena m'Chitchaina. Musamangodina mwachisawawa, chifukwa mungafufute zinthu kapena kutseka matchanelo. Tsatirani zithunzi: kachizindikiro ka giya ndi ka menyu yaikulu, ndipo malo a chilankhulo kawirikawiri amakhala ndi kachithunzi ka dziko lozungulira kapena chilembo cha A. Mndandanda ukatseguka, chilankhulo chilichonse chimalembedwa m'zilembo zake, choncho mawu akuti English mudzawazindikira.

Ndondomeko ya tsiku loyamba

Musanayatse kanema, lumikizani eriyo, ndipo intaneti ikhale ikugwira kale, ndi bandulo yotsegula chilichonse. Kanema akapeza zonse ziwiri pa kuyaka koyamba amatenga nthawi yolondola yekha. Sankhani chilankhulo, kenako dziko, kenako netiweki, ndipo vomerani malamulo a sitolo ya maapu. Akafunsa ngati kanema ali panyumba kapena m'sitolo, sankhani "Home". Mukasankha "Store", kanema amawala mopitirira muyezo, amaonetsa zotsatsa malonda, ndipo amabweza zimene mwasintha pa chithunzi pakangopita kanthawi. Pofika pa kusaka matchanelo, sankhani "Antenna" kapena "Air". Mukasankha "Cable", kanema amasaka m'njira ina ndipo sapeza kanthu. Onetsetsaninso kuti "Digital" ili m'gulu la zosakidwa.

Mukamaliza, yesani zinthu zitatu musanataye katoni. Yerekezerani tsiku, chaka ndi nthawi ya pa kanema ndi ya pafoni. Dinani "Guide" muone ngati pulogalamu imene ikuonetsedwa ndi yomwe yalembedwa pa ola limenelo. Tsegulani YouTube muonere kanthu kwa mphindi imodzi. Ngati matchanelo sanapezeke, lowani pa "Manual Tuning" muyese mipata kuyambira 21 kukwera, mukuyang'ana mizere iwiri ya "Signal Strength" ndi "Signal Quality". Mphamvu ikakwera pa mpata wina koma ubwino n'kukhala pa 0, mafunde alipo koma kanema sakuwamva, ndipo mukayikire dziko kapena kolandirira. Yonse iwiri ikakhala pansi pa mipata yonse, apo ndiye vuto lili pa eriyo kapena waya.

Pa makanema ambiri dziko silisinthika pa menyu wamba. Limafunsidwa pa kuyaka koyamba kokha, ndipo kuti funsolo libwerenso muyenera kufufuta zonse kudzera pa "Reset" kapena "Factory Reset". Kutero kumachotsa matchanelo, maakaunti ndi mapasiwedi onse, choncho lembani papepala zofunika musanayambe. Akafunsa nambala yachinsinsi, makanema a Samsung ndi LG amabwera ndi 0000 ngati mwini wake sanasinthe. Kanema aliyense wogwiritsidwapo kale ntchito ndi bwino kumufufuta motere tsiku lomwe wafika, chifukwa mumachotsanso akaunti ya mwini wakale pamodzi ndi dziko lake. Ngati pambuyo pofufuta mndandanda ukungoonetsabe mayiko a ku Ulaya kapena a ku Arabiya okha, kanemayo anatsekeredwa ku chigawo chimenecho ku fakitale. Ena amalangiza kulowa menyu yobisika ya amisiri kuti musinthe chigawocho, koma m'menemo mulinso manambala oyendetsa sikirini, ndipo kusintha kamodzi kolakwika kungasiye kanema osayakanso. Ndi bwino kusankha dziko la mipata ya 8 MHz pa mayiko amene alipowo, kukonza chigawo cha nthawi padera, kapena kugula dikoda.

Nzeru yotsika mtengo kuposa zonse ndi kufunsa musanapereke ndalama. Yang'anani pa katoni kapena pa chikwangwani cha kumbuyo ngati palembedwa DVB-T2, ndiponso ngati kanemayo amalandira magetsi a mavoti 230 ngati athu, chifukwa ena a ku Japan ndi a ku America anapangidwira mavoti 100 kapena 120 okha. Kenako pemphani wogulitsa ayatse kanemayo pamaso panu, akuonetseni mndandanda wa mayiko ndi wa zigawo za nthawi. Mukaonamo Malawi, Zambia, Mozambique kapena South Africa, ndi GMT+02:00 yoti mungasankhe nokha, kanemayo adzapeza matchanelo a kuno, adzasunga nthawi yathu, ndipo maapu oyenera dera lino adzapezeka m'sitolo yake.